Chaka Chimene Debe Lathu Linakula

Ndiyambe ndatchula mboni, chifukwa ndikudziwa kuti ena a inu anakuuzani kale kuti ine ndimathira mchere pa nkhani. Mboni yoyamba ndi anesi amene ankayang'anira kachipatala ka kufupi ndi Lufita masiku amenewo. Alipo, anapuma pantchito, ndipo sananamepo chibadwire, kupatula ponena kuti jekeseni sapweteka. Yachiwiri ndi atelala a pa Boma, mbadwa ya ku Misuku. Makutu anagontha tsopano, ndiye chilichonse mungawafunse avomera. Yachitatu ndi ahedi anga. Iwowa anatisiya, koma akanakhala moyo akanatsutsa zonse zimene ndinene pano, ndipo kwa amene ankawadziwa umenewo ndi umboni wokwana. Yachinayi ndi kambale kamalata kamene kali m'kabati mwanga. Wokayika abwere adzakaone, koma asadzakabwereke.

Ndinali mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina ya pulayimale ku Chitipa. Kwathu ndi ku Ntcheu. Amene ananditumiza kumeneko ndikhulupirira anayang'ana pamapu n'kufunsa kuti, kodi dziko lathuli limathera pati? Malipiro anga ankafika ali ndi eni ake kale: amayi kumudzi, fizi ya mng'ono wanga, ngongole ya sopo, ndi makadi a chipani, chifukwa masiku amenewo popanda khadi sunkalowa mumsika. Ine ndinali nawo awiri, lina losungira tsiku limene loyambalo lidzachapidwe limodzi ndi malaya.

Kwathuko ndinasiya mbeta. Amalume ake anandilembera kalata yaifupi ngati ya khoti: chinkhoswe chichitike pa Khirisimasi chaka chomwecho, apo ayi iwo aziona kuti mphunzitsiyo anakwatira mapiri. Pafupi ndi kwawo panali kalaliki wina wa njinga yamoto amene ankawapatsa moni kawiri pa tsiku. Ulendo wa basi kuchoka ku Chitipa kukafika ku Ntcheu unkadya masiku atatu ndi ndalama zimene ine ndinalibe.

Chaka chimenecho ahedi, anesi, atelala ndi anthu ena asanu ndi mmodzi ogwira ntchito m'boma anapanga kagulu kosonkha ndalama. Cholinga chinali chapafupi: kugula nyemba ku Misuku nthawi yokolola zili zotsika, kuzisunga, n'kudzagulitsa zikakwera. Ahedi anali wapampando, anesi msungichuma, ndipo atelala anapereka chipinda cha kuseri kwa shopu yawo. Mu Juni anagula madebe makumi anayi pa K2.80 debe limodzi. Debe ndi chitini chija cha palafini, kwathu timangoti chitini.

Ine ndinalibe chosonkha, ndiye anandilemba ganyu ya cholembera. Loweruka lililonse ndizipita kumsika wa pa Boma, ndizikaona mmene nyemba zikuyendera, ndilembe kapepala ka tsamba limodzi koti kaziwerengedwa Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Kapepala kamodzi 50 tambala. Koma ahedi anawonjezera mzere m'buku la gulu: ndalamayo ndidzalandira yonse pamodzi, debe lomaliza likadzagulitsidwa. Ndinawerengera masabata mpaka Disembala n'kupeza kuti basi yakwana. Ndinasayina ndikumwetulira.

Kapepalako kanali ndi mitu itatu. Woyamba, Kumene Mtengo Ukulowera: kaya ukukwera, ukutsika, kapena wangokhala. Wachiwiri, Malire. Malire a pansi anali K2.50 pa debe, chifukwa pamenepo mpamene msika wa boma unkagulira, ndipo mlimi sangakugulitse motsika kuposa apo boma lili pomwepo ndi sikelo. Malire a pamwamba, amene tinkawatcha denga, anali K6. Mtengo ukafika pamenepo, munthu wa tsidya lija la Tanzania amaona kuti thukuta lake lilipidwa, n'kumanga thumba panjinga, kudzera njira za mbuzi, ndipo msika ukadzaza mtengo umagwa. Lamulo la gulu linali lakuti tigulitse mtengo ukafika K5, tisanagunde mutu kudenga.

Mutu wachitatu ndinaulemba kuti Zoopsa. Ahedi ataona anatseka chitseko.

"Aphunzitsi, m'dziko muno muli zoopsa?"

"Ndimanena anankafumbwe, bwana."

"Anankafumbwe akakufunsani ku polisi ndani? Pepala lotuluka sabata ndi sabata, lolembedwa pamakina, la mutu woti Zoopsa! Muli ndi achibale oti azikakupatsirani chakudya?"

Kuyambira tsiku limenelo mutuwo unakhala Zofunika Kupempherera. Pansi pake ndinkalemba anankafumbwe, mvula yodula msewu wa ku Karonga, njinga za tsidya lija, ndi denga la atelala limene linkadontha pakona.

Tsopano mumve za mbale. Pamsika nyemba sankagulitsa pa debe, amayi ankagulitsa pa mbale. Sabata yoyamba ndinayeza bwinobwino, monga mphunzitsi wa masamu: mbale makumi awiri zodzaza mpaka phiri pamwamba zinkakwana debe limodzi. Ndiye zinali zosavuta. Mbale ikakhala 15 tambala, debe ndi K3. Ikafika 25 tambala, debe ndi K5, tigulitse. Ahedi analemba m'buku ndi inki yofiira kuti: mbale 25 tambala, gulitsani.

Pali chinthu chimodzi chimene gulu silinandifunse pondilemba ntchito. Ine nyemba sindidya. Zimandipatsa chilungulira choti ndikapuma pafupi ndi udzu wouma anthu amathamangira madzi. Choncho kumsika ndinkangofika ndi tayi wanga ndi kabuku, kupereka moni wa Chitumbuka amene ndinaloweza, kufunsa mtengo kwa amayi atatu, kulemba, n'kumapita kukagula matemba. Amayiwo anandipatsa dzina loti Wofunsa Osagula. Ndinkaliyesa ulemu.

Poyamba zinayenda mokoma. Mbale inachoka pa 15 kufika pa 17, kenako 18, ndipo pakati pa Seputembala inafika 20 tambala. Lamulungu lililonse ndikamawerenga kapepala m'chipinda cha atelala, anthu atakhala pamatumba a chuma chawo, ankandiyang'ana ngati ndine amene ndikukweza mtengowo ndi manja anga.

Kenako tcheyamani wa chipani wa nthambi ya kumsika anaimirira pampando tsiku lina n'kulengeza kuti kukweza mitengo ndi kuchititsa manyazi boma, ndipo mayi aliyense wogulitsa mbale ya nyemba mopitirira 20 tambala akafotokoze bwino ku ofesi. Amayi anaomba m'manja. Ena analulutira.

Mtengo unaima. Sabata yoyamba ndinalemba kuti wapuma. Yachiwiri ndinati ukusonkhanitsa mphamvu. Yachisanu mawu anandithera, ndinangosintha tsiku pamwamba. Masabata asanu ndi anayi, 20 tambala, ngati mwala. Dzuwa la Okutobala linapsereza zonse, nkhokwe za anthu zinayamba kulira, chimanga chinakwera, mchere unakwera, koma nyemba zili phee. Ine ndikawerenga masiku otsala kuti sukulu itsekere, tulo ta masana tinkandithawa. Popanda kugulitsa panalibe malipiro anga, popanda malipiro panalibe basi, ndipo kalaliki uja anali atagula magalasi akuda.

Atelala nawo anayamba kudandaula. Chichewa chawo chinali cha ku Misuku, chosakaniza ndi zakwawo, koma mfundo inkamveka.

"Adada, nyemba zija zayamba kuyowoya. Nikasiya kupalasa makina nikupulika zikukambirana."

"Tinathira phulusa," anatero ahedi.

"Phulusa adya kale. Panopa akufunsa ndiwo."

"Lamulo ndi lamulo. Mbale ikafika 25 tambala."

Loweruka lina kumapeto kwa Novembala ndinafika kwa mayi wina amene ndinkamufunsa nthawi zonse, wamkulu thupi, wa mpango wobiriwira.

"Monire amama. Mbale ndalama zingati lero?"

"Yewo asambizgi. Mwabweraso na kabuku? Bei ni yeneyira. Lembani twente, mukagone."

"Sizikusintha ayi?"

"Zisinthe uli, boma lakana? Kweni imwe, chaka chose kufumba waka. Gulani kamoza, tione ngati ndalama zinu zili na mutu wa munthu ngati za anzanu."

Anzake anaseka mpaka wina anagwetsa tomato. Manyazi anandigwira, ndinatulutsa 20 tambala. Mayiyo anapisa dzanja pansi pa chitenje chimene anayalapo nyemba n'kutulutsa mbale.

Abale anga, ndikulumbira pa tayi amene ndinavala tsikulo. Mbale ya mu Juni inali yoti mwana n'kusambiramo. Iyi inali kambale koti mphaka angakufunse kuti, zoona? Pansi pake anapamenya ndi mwala kuchokera kunja, pakati panatukuka ngati chulu. Anatunga nyemba chala chachikulu chili m'kati, n'kusesa pamwamba ndi chikhatho mpaka kuti see, phiri lija osaonekanso. Nyemba zonsezo zinakwana m'thumba la malaya, cholembera chili momwemo.

"Amama, mbale ija ili kuti?"

"Yikupumula ku nyumba. Yavuka." Anandiyang'ana m'maso osaphethira. "Tcheyamani wakati mtengo. Za mbale wakayowoyapo?"

Ndinamupempha andigulitse kambaleko. Anati 30 tambala. Ndinati kambale kophwanyika chonchi? Anati chophwanyikacho ndiye luso lake. Ndinalipira, ndipo sabata imeneyo matemba sindinadye.

Ndinathamangira kwa atelala. Tinatenga debe lopanda kanthu n'kuyamba kuthiramo nyemba ndi kambaleko, ine ndikutunga monga mayi uja, chala m'kati, atelala akuwerenga. Makumi awiri, debe lili pamimba. Makumi awiri ndi zisanu, likadali kuyasamula. Linadzaza pa mbale 29. Ndinachulukitsa pansalu ndi choko cha atelala: K5.80. Mtengo wathu wogulitsira tinaupitirira kalekale osadziwa, ndipo tinatsala ndi 20 tambala yokha kuti tigunde denga.

"Ndiye mulemba kuti mtengo wakwera?" anafunsa atelala, akuyang'ana kukhomo.

Funso linali lomwelo. Mtengo unali utaletsedwa kukwera. Ndinakhala pa makina olembera a kusukulu masana onse, ndipo chimene ndinawerenga Lamulungu lake ndi ichi, ndikuchikumbukira ngati Atate Wathu:

"Kumene Mtengo Ukulowera. Mtengo sunasunthe, uli pa 20 tambala mbale, ndipo tikuthokoza atsogoleri athu. Koma debe lathu lakula. Mu Juni linkalowa mbale 20, lero likulowa 29. Pa chifukwa chimenechi debe la nyemba pamsika likukwana K5.80.

"Malire. K5 tinaidutsa. Denga la K6 lili pamutu penipeni.

"Zofunika Kupempherera. Choyamba, njinga za tsidya lija, zimene sizichedwa. Chachiwiri, tikatulutsa madebe onse tsiku limodzi tidzagwetsa mtengo tokha, msika wathu ndi waung'ono. Chachitatu, amayi ogulitsa sangatigule pa K5.80, nawonso ayenera kudyapo. Chachinayi, anankafumbwe: pa nyemba 100 zimene ndawerenga, zoboola ndi 4. Maganizo anga: tiyambe kugulitsa mawa, pang'onopang'ono."

Ndinapinda kapepalako. Kenako ahedi anatsegula buku.

"Pano palembedwa kuti mbale 25 tambala. Aphunzitsi, mbale ili pa zingati?"

"Twente, bwana."

"Ndiye tikukambirana chiyani?"

Anesi anali mayi wa ku Zomba, wosachedwa kupsa mtima. Anandilanda kambale kaja n'kukaika pabondo pa ahedi.

"Ahedi, mwezi wonse uno ndakhala ndikukalipira ana anga kuti akudya ngati dzombe, ndiwo sizikukwana. Mmodzi ndinamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba. Wosalakwa! Taonani chinthuchi. Mungalandire malipiro anu atayezera umu?"

"Lamulo silinena za kukula kwa mbale, mayi."

"Lamulolo analemba ndi Mose? Munalemba ndinu, ndi inki yochongera ana."

Povota, gulu linakweza manja, asanu ndi atatu kwa mmodzi. Koma wapampando sagonja chimanjamanja. Ahedi anati chabwino, madebe makumi atatu agulitsidwe, koma khumi atsale kudikira Januwale, nthawi ya njala, pamene nyemba zimakwera zenizeni. Kunena zoona, mfundoyo sinali yopusa. Anthu anavomera kuti nkhani ithe. Ine ndekha ndi amene sindinakondwe, chifukwa ndalama yanga inali pansi pa debe lomaliza, ndipo Januwale amabwera Khirisimasi itadutsa.

Sabata imeneyo tinagulitsa madebe khumi ndi asanu kwa amayi a pamsika pa K5.20. Woyamba kugula anali wa mpango wobiriwira, amene anabwera ndi debe lakelake lotukuka m'mbali ngati lili ndi pakati. Atelala analiyang'ana n'kunena kuti lipume pakhonde, tiyezera lathu. Sabata yotsatira ena khumi ndi asanu anapita pa K5.

Loweruka lachitatu ndinapeza njinga zisanu ndi ziwiri zitatsamira mpanda wa msika, matayala ofiira ndi dothi la njira zachidule, eni ake akumwa tiyi n'kumayankhula Chiswahili. Mtengo unali 20 tambala, monga mwa lamulo. Koma mbale ya mu Juni inali itachira, yabwerera pantchito, kaphiri kayambanso kumera pamwamba. Ndinagula, poti tsopano ndinali nditaphunzira, n'kukayeza: mbale 22. Ndinalemba kuti mtengo sunasunthe, koma debe layamba kuonda, lili pa K4.40. Pa nyemba 100, zoboola 19.

"Zidzakweranso," anatero ahedi. "Njinga zimatopa."

"Anankafumbwe satopa, bwana."

"Aphunzitsi, inu mukufuna basi. Musandiphunzitse malonda."

Anali atandigwira pamenepo, sindikana. Koma munthu akhoza kufuna basi n'kumanenabe zoona.

Sukulu inkatseka Lachisanu, basi yanga inali ya Loweruka m'mawa. Lolemba ndinapita kwa atelala, ndinatapa nyemba 100 pakati pa thumba, osasankha, atelala akuona. Zoboola zinali 34. Ndinaziika zonse mu envulopu ya boma, ndinamata, n'kulemba pamwamba kuti Zowonjezera pa Zofunika Kupempherera. Ndinakaiika pa tebulo la ahedi dzuwa likuwomba pawindo, ine n'kuima chapatali mwaulemu.

Apa mpamene anthu amati ndimanama. Envulopuyo inayenda. Inachoka pafupi ndi botolo la inki, inadutsa kaundula wa Sitandade 6, inaima pang'ono ngati ikuganiza, n'kulunjika kwa ahedi. Iwo anaitsegula. Zimene zinatulukamo zinakwera malaya awo oyera mwadongosolo, mizere iwiri, ngati ana akulowa m'kalasi.

Anakutumula malayawo nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndakhala ndikuganiza. Monga wapampando, ndaona kuti ndi bwino tigulitse."

Amayi a pamsika anakana, anati iwo amagulitsa nyemba, osati ziweto. Amene anavomera anali kapitawo wa anthu okonza msewu amene anamanga misasa panjira ya ku Karonga. Anatafuna imodzi, analavula, n'kunena kuti anyamata ake akhala akudandaula za nyama, izi zithetsa nkhani zonse ziwiri. K3.50 debe. Ndalama adzapereka Lachisanu akalandira.

Lachinayi gulu linakumana kuti litseke buku. Mapepala anga anali 28, ndiye kuti K14. Ahedi anatsokomola.

"Pali mapepala asanu ndi anayi amene anatisocheretsa. Ndikuona kuti tichotse K4.50."

K9.50 yotsalayo ikananditula ku Kasungu. Ndipo mlandu ndinali nawo, ndinkafunsa osagula. Ndinatsegula pakamwa, koma anesi anandiponda phazi.

"Anatisocheretsa bwanji, ahedi? Analemba kuti mbale ndi 20 tambala. Sinali 20?"

"Inali 20, koma mtengo weniweni unali utakwera."

"Unali utatani?" Anesi anatsegula buku, ananyowetsa cholembera palilime. "Nenaninso pang'onopang'ono ndilembe. Wapampando, amenenso ndi mphunzitsi wamkulu, akuti mtengo wa nyemba pamsika wa pa Boma unakwera, atcheyamani ataletsa. Musayina m'munsimu?"

Atelala anayamba kuyang'ana kudenga ngati akufuna pamene pankadontha paja. Ahedi anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Mapepala onse anali olondola," anatero. "Mnyamatayu ndi wakhama."

Lachisanu kapitawo sanabwere. Ndinapempha anesi kuti angonditapira pa ndalama za madebe oyamba aja, koma zinali zitagawidwa kale kwa eni ake, ndipo eni ake anali atazisandutsa feteleza. Anangoti, "Pitani kusiteji mawa. Ine munthu amene ndinamubayapo jekeseni sandithawa."

Loweruka m'mawa ndinali pa siteji ndi sutikesi, suti yobwereka kwa atelala ili m'kati, m'thumba muli 35 tambala ndi makadi awiri a chipani. Basi inkanyamuka kamodzi patsiku, ndipo kumwamba kunali kutada kumbali ya Misuku, mvula yoti ikagwa msewu utseka mpaka chaka chatsopano. Katundu anakwezedwa, nkhuku zinakwezedwa, mayi wina anakweza mphero yamwala. Kondakitala anandiyang'ana.

"Bwana tayi, mukukwera kapena mukufunsa mtengo chabe?"

Mbiri yanga inali itafika mpaka kumabasi.

Dalaivala analiza injini. Ndinaika phazi limodzi pachitseko, linalo pansi, n'kuyamba kumufunsa kondakitala za umoyo wa makolo ake, mmodzimmodzi. Tili pa azakhali ake, ndinamva belu la njinga. Anesi anatulukira pakona ya positi ofesi atakwera njinga ya chipatala, kapu ili pambali, matope mpaka m'mawondo. Anali atapita okha kumisasa kuja m'bandakucha. Kapitawoyo anali atasonkhetsa anyamata ake, ndiye ndalama yanga yonse inali yachitsulo, yomangidwa pampango.

"Tandipatsani poika, mpangowu ndi wanga!"

Ndinatsegula sutikesi pamaso pa anthu onse. Pamwamba pa suti panali kambale kaja. Anesi anakhuthuliramo ma 5 tambala ndi ma 10 tambala, ndipo kanadzaza mpaka phiri, koyamba chipangidwire. Kondakitala anati tiwerengera m'njira. Ine ndinati ayi, ndinaphunzira. Ndinakhala pachitseko pomwepo, basi ikunjenjemera, ndinawerenga imodziimodzi.

K14, osachotsa ngakhale tambala.